Mabokosi atatu ndi chingwe cha mamita 3 ndi 1/4: mwana walakwa pati?

Mayi a Takondwa

Moni nonse apagulu pano. Ndaika chithunzi cha tsamba la masamu limene mwana wanga wa zaka 11 anapatsidwa kuti akachitire kunyumba, ndipo ndikupempha kuti mundithandize pa mafunso awiri amene aphunzitsi ake amuthetha. Buku lenilenilo limatsala kusukulu, choncho tsambali linajambulidwa pa foni ndi kutumizidwa kwa makolo, ndipo ana akuyenera kukopera zojambulazo m'makope awo asanayankhe. Pa funso loyamba pali mabokosi atatu otalika, lililonse logawidwa m'zigawo zisanu. Awiri oyambawo adetsedwa onse, koma lachitatu ladetsedwa zigawo zitatu zokha. Mwanayo anawerenga zigawo zodetsedwa n'kupeza 13, anawerenganso zigawo zonse n'kupeza 15, ndipo analemba 13/15. Funso lina likunena za chingwe chotalika mamita 3 1/4 chimene adulapo mamita 1 2/3, ndipo akufuna kutalika kwa chimene chatsala. Iye anapeza 2 5/12. Pamene ndikumufunsa, akulongosola mosadodoma ngati munthu wodziwa chimene wachita, ndiye ndikusowa pomugwira.

Bambo Gondwe

Mayi, ndayesa funso la chingwelo ndipo ndikuona kuti yankho lake ndi lalikulu kuposa limene mwanayo wapeza. Tikatenga 31/4 n'kuchotsapo 12/3, imene ndi 4 basi, timatsala ndi 15/4, kutanthauza mamita atatu ndi makota atatu. Mwina mwanayo anangosokonezeka pochotsera.

Aphunzitsi a Nachisale

Bambo Gondwe, mwawerengera bwino, koma nambala zimene mwawerengerazo si zimene zili pa tsambalo. Mukakulitsa chithunzicho muona kuti 3 walembedwa wamkulu payekha, ndipo 1 ndi 4 ndi ang'onoang'ono, wina pamwamba wina pansi pa kamzere. Ndiye kuti ndi mamita atatu athunthu ndi kota imodzi, osati makota 31. Chimodzimodzinso 1 2/3 ndi mita imodzi yathunthu ndi zigawo ziwiri mwa zitatu za mita ina. Vutoli limabwera kawirikawiri nambala yosakaniza ikalembedwa pa foni mu mzere umodzi, chifukwa kampata kakang'ono kamene kali pakati pa 3 ndi 1/4 sikaoneka msanga. Ndikupempha kuti m'zokambirana zino tizilemba "3 ndi 1/4" kuti tisasocheretsane.

Ndiyambe ndi funso la mabokosi, popeza ndi limene lili ndi muzu wa nkhani yonse. Fulakishoni iliyonse imakhala gawo la chinthu china chathunthu, ndipo munthu asanalembe nambala ya pansi ayenera kudziwa kuti chathunthucho ndi chiti. Ngati bokosi limodzi likuimira 1, ndiye kuti chigawo chilichonse ndi 1/5, chifukwa bokosilo lagawidwa pasanu. Zigawo 13 zoterozo ndi 13/5, ndipo tikazisonkhanitsa zisanuzisanu timapeza mabokosi awiri odzaza ndi zigawo zitatu zotsala, zimene timalemba kuti 2 ndi 3/5. Takondwa sanalakwitse kuwerenga zigawo. Iye anatenga mabokosi onse atatu ngati chinthu chimodzi chogawidwa pa 15, ndipo mwa kaganizidwe kameneko 13/15 ikutuluka bwinobwino. N'chifukwa chake akulongosola mosadodoma. Njira yomuthandizira kuti azindikire yekha ndi kumuphimbira mabokosi awiri ndi dzanja, n'kumufunsa kuti bokosi limodzi lodetsedwa lonseli ndi zingati. Akanena kuti ndi 1, mumuonetse lachiwiri, kenaka mumufunse ngati 13/15, imene siifika pa 1, ingakwanire kuimira zinthu ziwiri zodzaza ndi china chapamwamba pake.

Tiyamike

Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu kuti bukulo likufuna 2 ndi 3/5, koma ndayang'anitsitsa chithunzicho ndipo ndaona kuti pamwamba pake padulidwa. Mzere woyamba wa malangizo sukuoneka, zikungooneka nsonga za m'munsi za zilembo. Mabuku ambiri amanena pamalo amenewo kuti bokosi lililonse likuimira chinthu chimodzi chathunthu. Ngati mwanayo sanaone mzere umenewo, ine ndikuona kuti sikoyenera kumuthetha, chifukwa palibe chimene chinamuuza kuti mabokosi atatuwo asawaphatikize. Ndikadali pa maphunziro a uphunzitsi, choncho ndifuna kudziwa mmene inu mukanachongera.

Aphunzitsi a Nachisale

Mwaona chinthu chenicheni, Tiyamike. Chojambula pachokha sichinena kuti chathunthu ndi chiti, ndipo mawu amene adulidwawo ndi amene akanathetsa nkhaniyi. Komabe pali zizindikiro ziwiri zimene zatsala pa tsambalo. Mabokosiwo ajambulidwa motalikirana, lililonse ndi malire ake, pomwe wolemba buku akanafuna zigawo 15 za chinthu chimodzi akanajambula bokosi limodzi lalitali. Komanso malo olembapo yankho ali ndi kabokosi kakakulu kumanzere ndi timabokosi tiwiri tosanjikizana kumanja, umene ndi mpangidwe wa nambala yosakaniza. Ine ndikanathetha, koma ndikanalemba pambali funso lakuti chathunthu ndi chiti, kuti mwanayo adziwe pamene pagona vuto lake ndipo asaganize kuti sadziwa kuwerenga zigawo.

Bambo Mwale

Pa funso la chingwelo, ine ndikuona kuti tikuvutitsa ana ndi zojambula pomwe pali njira yachidule. Mita imodzi ndi masentimita 100, choncho mamita 3 ndi 1/4 ndi masentimita 325. Mwana asinthe zonse zikhale masentimita, achotsere monga amachitira ndi nambala wamba, ndipo nkhani yatha popanda kujambula bokosi ngakhale limodzi.

Tiyamike

Bambo Mwale, njira yanuyo ikuyenda bwino pa kota, chifukwa 100 amagawika pa 4 n'kupereka 25. Koma pa 2/3 ikukakamira, popeza 100 sagawika pa 3 popanda chotsala. Zigawo ziwiri mwa zitatu za mita ndi masentimita 66 ndi 2/3, ndiye fulakishoni imene timaithawa ija yatipezanso kutsogolo. Ngakhale zili choncho, njirayi ingathandize poyesa yankho. Tikanena kuti adulapo masentimita pafupifupi 167, chotsala chikhala pafupifupi 158, kutanthauza kuti sichikufika mamita awiri, ndipo pamenepo 2 ndi 5/12 yaoneka kale kuti ndi yaikulu mopitirira.

Aphunzitsi a Nachisale

Tsopano ndilongosole mmene funsoli limayendera ndi mabokosi, pang'onopang'ono, kuti Mayi a Takondwa athe kulibwereza ndi mwanayo pa tebulo.

Asanajambule chilichonse, mwanayo asankhe kutalika kwa bokosi limene liimire mita imodzi. Apa m'pamene ana ambiri amadzikola, chifukwa amajambula bokosi lotalika mwachisawawa, kenaka n'kumavutika kuligawa mofanana. Bokosi lathuli liyenera kugawika pa 4 chifukwa cha kota ija, ndipo liyeneranso kugawika pa 3 chifukwa cha 2/3. Nambala yaing'ono kwambiri imene imalola zonse ziwirizi ndi 12, choncho ajambule bokosi lotalika masentimita 12 ndi rula, kapena awerenge timabokosi 12 ngati kope lake ndi la timabokosi. Akatero, kota ikhala masentimita 3, ndipo gawo limodzi mwa atatu likhala masentimita 4. Taonani kuti nambala ya pansi yofanana ija, imene ana amaiphunzira ngati lamulo loloweza pamtima, pano yabwera yokha chifukwa cha kufunika kojambula bwino.

Ajambule mabokosi anayi ofanana ndendende, limodzi pansi pa linzake kuti malire awo alunjikane. Adetse atatu onse, ndipo pa lachinayi adetse masentimita 3 okha. Chimenecho ndicho chingwe chathu, mamita 3 ndi 3/12. Tsopano adule. Mita imodzi yathunthu ndi yosavuta, angokhwatcha bokosi limodzi lodzaza, ndipo atsala ndi awiri odzaza ndi tizigawo titatu tija. Chatsala kudula ndi 2/3, imene ndi tizigawo 8 mwa 12. Apa mwanayo aona ndi maso kuti pa bokosi lachinayi pali tizigawo 3 tokha, ndipo sangachotsepo 8. Ayenera kuthyola bokosi limodzi lodzaza, aligawe m'tizigawo 12, zimene zikumupatsa tizigawo 15 tosamangika ndi bokosi limodzi lokha lathunthu. Akakhwatcha 8 mwa 15, patsala 7. Yankho ndi mita 1 ndi 7/12.

Nanga 2 ndi 5/12 inachokera kuti? Takondwa anachita bwino mbali yovuta, chifukwa anapeza 12 n'kusintha 1/4 kukhala 3/12 ndi 2/3 kukhala 8/12. Anachotsa 1 pa 3 n'kupeza 2. Atafika pa 3/12 ndi 8/12 anaona kuti 3 ndi wochepa, ndiye anatembenuza n'kuchotsa 3 pa 8, zimene zinamupatsa 5. Ichi ndi chizolowezi chomwe chija chimene ana amachita pa nambala wamba, pamene 43 kuchotsa 18 amapeza 35 chifukwa chochotsa 3 pa 8. Pali funso limodzi limene lingamuthandize kudzigwira yekha. Atadula mita imodzi yokha, chingwe chinatsala mamita 2 ndi 3/12. Zingatheke bwanji kuti atadulanso china, chingwecho chitalike n'kufika 2 ndi 5/12?

Mayi a Takondwa

Zikomo kwambiri, Aphunzitsi. Funso lomalizalo lamugwira, moti anakhala chete n'kumayang'ana pepala, kenaka anatenga rula yekha. Koma ndapeza chinthu china nditaonanso m'kope mwake. Pa funso la mabokosi atatu lija, zimene anakoperazo sizofanana. Zigawo za kumanzere ndi zazikulu ndipo zikunka zichepa kupita kumanja, komanso bokosi lachitatu ndi lalifupi kuposa loyamba. Nditamufunsa, wandionetsa pa foni kuti ndi mmene zikuonekera pa chithunzicho, ndipo akunena zoona.

Bambo Gondwe

Pa chimenecho ndingathandizepo, chifukwa kujambula zikalata pa foni ndimachita kawirikawiri pa ntchito yanga. Foni ikapendekeka, mbali ya pepala imene ili kutali ndi kamera imaoneka yaing'ono, ndipo mizere yolunjikana imaoneka ngati ikufuna kukumana. Kuwonjezera apo, buku lochindikala likatsegulidwa, tsamba limapindika pafupi ndi msoko, ndipo zojambula za pamenepo zimafinyika. Pa chithunzi chathuchi zonse ziwiri zachitika, ndipo mungadziwe poyang'ana mizere ya mawu, imene ikukhota ikamayandikira kumanja. Wojambula ayenera kugoneka bukulo pamalo osalala, kulikanikiza kuti tsamba liwongoke, kuimika foni molunjika pamwamba pake, ndi kuonetsetsa kuti ngodya zonse zinayi za tsamba zikuoneka. Akanatero, mzere wa malangizo umene a Tiyamike akunena sukanadulidwa.

Aphunzitsi a Nachisale

Bambo Gondwe anena zoona, ndipo ndionjezepo mbali ya mwana. Pokopera kuchokera pa chithunzi, mwana asatengere kukula kumene akuona pa foni, ndipo asayeze ndi rula pa galasi la foniyo. Chimene ayenera kutenga pa chithunzicho ndi chiwerengero chokha: mabokosi ndi angati, lililonse lili ndi zigawo zingati, ndipo zodetsedwa ndi zingati. Kutalika asankhe yekha. Pa mabokosi a zigawo zisanu, masentimita 10 ndi abwino, chifukwa chigawo chilichonse chikhala masentimita 2. Powerenga zigawo pa chithunzi chosaoneka bwino, achenjere ndi kuwerenga mizere m'malo mwa mipata, popeza bokosi la zigawo zisanu limakhala ndi mizere inayi yokha m'kati mwake, ndipo mwana akajambula mizere isanu amapeza zigawo zisanu ndi chimodzi.

Ena anganene kuti kusafanana pang'ono kulibe kanthu malinga ngati mwana akudziwa kuti zigawozo n'zofanana m'maganizo mwake. Kwa mwana amene wazolowera, zimenezo n'zoona, ndipo chojambula cha changu chimamukwanira. Koma kwa amene akuphunzira kumene, chojambula ndicho umboni wake. Akajambula 2/3 pa bokosi lalifupi ndi 1/2 pa bokosi lalitali, maso ake amuuza kuti theka ndi lalikulu, ndipo adzakhulupirira maso akewo kuposa mawu athu.

Mayi Kalua

Ndabwera mochedwa, koma nkhaniyi ikundikhudza chifukwa mdzukulu wanga anapatsidwa funso lomwelo ndipo anapeza yankho lina, 1 ndi 5/12. Iye amadziwa kuti 8 sangachoke pa 3 ndipo anati wabwereka ku nambala yathunthu, monga anaphunzitsidwira. Nambala yathunthu yapezeka yolondola, koma fulakishoni yake yaperewera. Kodi pamenepa chachitika n'chiyani?

Tiyamike

Amayi, ndikuganiza kuti mdzukulu wanuyo anabwereka 10. Pa nambala wamba, tikabwereka 1 kumanzere timangolemba 1 kutsogolo kwa nambala ya kumanja, ndipo 3 amasanduka 13. Iye anachita chimodzimodzi, anasandutsa 3/12 kukhala 13/12, ndipo 13 kuchotsa 8 ndi 5. Koma bokosi limene tathyolali lili ndi tizigawo 12, osati 10, choncho 3 ayenera kusanduka 15. Muone m'kope mwake ngati pali 13 penapake. Ngati alipo, mumupatse bokosi la masentimita 12 aligawe yekha ndi kuwerenga tizigawo timene tatulukamo. Kenaka mumuyese ndi funso lina la nambala ya pansi yosiyana, monga 4 ndi 1/5 kuchotsa 1 ndi 3/5, pamene chathunthu chimathyoka n'kupereka zigawo 5, ndipo yankho ndi 2 ndi 3/5.

Mayi Kalua

Ndaona, ndipo 13 alipodi, wolembedwa pamwamba pa 3 wokhwatchidwa. Zikomo, mwana wanga.

Bambo Mwale

Ndavomera kuti masentimita sakuthandiza pa 2/3, koma ndikadali ndi nkhawa ndi kuthyola mabokosiku. Taona ana awiri alakwa pamalo amodzi omwewo, pobwereka. Bwanji osachotsa kubwerekako? Mwana asinthe nambala zonse ziwiri kuti zikhale mafulakishoni okhaokha. 3 ndi 1/4 ndi 13/4, imene ndi 39/12, ndipo 1 ndi 2/3 ndi 5/3, imene ndi 20/12. Tikachotsa 20 pa 39 tipeza 19/12, ndipo imeneyi ndi 1 ndi 7/12. Palibe kubwereka, palibe kutembenuza, ndipo njirayi imagwira ntchito pa funso lililonse. Pa mayeso nthawi imachepa, ndipo mwana sangakhale akujambula mabokosi anayi ndi rula.

Aphunzitsi a Nachisale

Njira yanuyo ndi yolondola, Bambo Mwale, ndipo mwana aliyense ayenera kuidziwa, makamaka chifukwa adzaifuna pochulukitsa ndi pogawa nambala zosakaniza. Ndipotu sikutsutsana ndi mabokosi. Mukagawa mabokosi onse anayi aja m'tizigawo 12, tizigawo todetsedwa ndi 36 kuphatikizapo 3, amene ndi 39 wanu uja. Kusiyana kwake n'kwakuti inu mwathyola mabokosi onse, pomwe ine ndathyola limodzi lokha limene linafunika. Nkhawa yanga ndi yakuti nambala zikakula, njira yanuyo imalemera. Tayesani 48 ndi 1/4 kuchotsa 19 ndi 2/3. Mwana ayenera kupeza 579/12 ndi 236/12, achotsere n'kupeza 343/12, kenaka agawe 343 ndi 12 kuti afike pa 28 ndi 7/12. Pa sitepe iliyonse angathe kuphonya, ndipo akaphonya sangazindikire, chifukwa 579/12 siimupatsa chithunzi cha kukula kwa nambalayo. Amene wazolowera kuthyola chathunthu chimodzi angonena kuti 47 ndi 15/12 kuchotsa 19 ndi 8/12, ndipo wamaliza.

Pa nkhani ya nthawi muli ndi mfundo. Mabokosi ali ndi malire ake, ndipo sindikufuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti funso lililonse lijambulidwe. Nambala za pansi zikakhala 7 ndi 9, bokosi liyenera kukhala ndi tizigawo 63, ndipo palibe mwana amene angapindule ndi kujambula zimenezo. Njira yophunzitsira ndi mabokosi otalikayi inatchuka kuchokera ku Singapore, kumene inalowa m'masukulu a pulayimale m'zaka za m'ma 1980, ndipo cholinga chake chinali kuthandiza mwana kuona mmene nambala za m'funso zikugwirizanirana asanayambe kuwerengera. Mwana akamvetsa pa 4 ndi 3, kumene angajambule mosavuta, ayenera kusiya rula n'kumawerengera ndi nambala zokha pa 7 ndi 9.

Tiyamike

Pali njira yachitatu imene sinatchulidwe, ndipo imayenda bwino pa bokosi limodzi lalitali loimira chingwe chonse. Mwana aike chizindikiro pamene padulidwa, pa 1 ndi 2/3, ndipo ayende kupita kumapeto a chingwe. Kuchokera pa 1 ndi 2/3 kufika pa 2 pali 1/3, kuchokera pa 2 kufika pa 3 pali 1, ndipo kuchokera pa 3 kufika kumapeto pali 1/4. Akaphatikiza 4/12 ndi 3/12 apeza 7/12, ndipo pamodzi ndi 1 uja yankho ndi lomwelo. Apa kuchotsera kwasanduka kuphatikiza, ndipo palibe chobwereka.

Bambo Mwale

Imeneyo ndaikonda kuposa yothyola bokosi, ngakhale kuti ndikukayika ngati aphunzitsi onse angaivomere pochonga, popeza ena amafuna njira imene ili m'buku yokha. Ine kwa ana anga ndipitiriza kuyamba ndi ya 39/12, chifukwa lamulo lake ndi limodzi ndipo silisintha.

Mayi a Takondwa

Takondwa wajambulanso mabokosi ndi rula, wapeza 1 ndi 7/12, ndipo wayesa yankholo pobwezera chimene chinadulidwa: 1 ndi 7/12 kuphatikiza 1 ndi 8/12 zapereka 2 ndi 15/12, ndipo wazindikira yekha kuti 15/12 ndi bokosi limodzi lodzaza ndi tizigawo 3, zimene zamubwezera pa 3 ndi 1/4. Pa funso la mabokosi atatu walemba 2 ndi 3/5, koma akuumirirabe kuti 13/15 sinali yolakwa malinga ndi zimene anapatsidwa. Ndapempha aphunzitsi ake kuti atitumizire chithunzi china chokhala ndi tsamba lonse.

Aphunzitsi a Nachisale

Chithunzicho chikabwera muchiike pano, Mayi, kuti tiwerenge mzere wodulidwawo. Pakadali pano mungamupatse ntchito imene itenge maganizo ake onse awiri. Ajambule bokosi limodzi la masentimita 15, adetse 13, alembe 13/15 pansi pake. Kenaka ajambule mabokosi atatu a masentimita 5 lililonse, adetsenso 13, ndipo alembe pambali kuti bokosi limodzi ndi 1. Kutalika kodetsedwa kukhala kofanana pa zojambula zonse ziwiri, masentimita 13, koma chigawo chimodzi pa choyamba ndi 1/15 pomwe pa chachiwiri ndi 1/5. Mumufunse kuti n'chiyani chasintha pakati pa ziwirizo, ndipo mutiuze mmene ayankhire.